Chizungulire chobwerezabwereza ndi khutu lolira: bambo a kunyumba agwanso

Make Asiyatu (Malindi): Abale anga pa gulu pano, ndabwera ndi nkhawa, ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba ali ndi zaka 43, ndi siginala pa ukonde wa chilimira, uja amakhala m'bwato ndi nyali usiku. Kuyambira mwezi wa Juni chawagwira kanayi. Chimayamba ndi khutu la kumanzere, amati ladzaza ngati mmene limachitira ukamira pansi pa madzi, kenako limayamba kulira. Pakapita kanthawi nyumba yonse imayamba kuwazungulira. Dzulo chinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, anangoponya singano n'kugwira tsinde ndi manja awiri. Tinachita kuwanyamula ine ndi mlamu wanga. Anasanza katatu, thukuta kamukamu, akukana ngakhale kutsegula maso. Chinayamba titangomaliza nsima ya masana, chinawasiya dzuwa litapendeka. Lero adzuka ofooka koma akuyenda. Kuchipatala chaching'ono tapitako kawiri, malungo sanapezeke, bipi ili bwino, anangotipatsa panado. Kodi alipo anaonapo zotere?

Che Kabaza: Pepani achemwali. Chizungulire nthawi zambiri ndi kuchepa kwa magazi. Apatseni chidede ndi masamba ambiri, komanso akayezetse magazi.

Anganga a ku Mpondasi: Mwana wanga, khutu likamalira kale tinkati pali amene akukutchula. Koma kufika pogwa ndi kusanza, ayi, izo ndi zina. Kodi sakomoka? Sachita thovu kukamwa? Ndikuopa khunyu, poti munthuyo ndi wa panyanja.

Make Asiyatu (Malindi): Ayi anganga, sakomoka. Amamva zonse, amayankha, amatha kundiuza kuti ndichotse mwana akusokosa. Magazi anayeza mwezi watha, akuti ndi okwanira.

Aphunzitsi a ku Namwera: Mayi, zimenezi ndinadwalapo ine chaka chatha, musadandaule. Ndinkati ndikatembenuka pabedi kuyang'ana kumanja, denga lonse limazungulira. Dokotala wina anandigoneka pabedi, mutu uli lende, n'kunditembenuza pang'onopang'ono kangapo, tsiku lomwelo zinatheka. Sindinamwe ngakhale piritsi limodzi. Akawachite zomwezo basi.

Kiliniko Ofesa: Ndawerenga zonse, zikomo mayi pofotokoza mwadongosolo, mwandipeputsira ntchito. Ndisanayankhe ndifunse aphunzitsi: chizungulire chanucho chinkatenga nthawi yaitali bwanji chikayamba, ndipo khutu linkachita chilichonse?

Aphunzitsi a ku Namwera: Sichinkafika ndi mphindi imodzi yomwe. Ndikakhala phee chinkasiya. Khutu linalibe vuto.

Kiliniko Ofesa: Ndiye kuti anu ndi matenda ena, ngakhale onse ali m'kati mwa khutu. Kwa inu, timiyala ting'onoting'ono ta m'khutu tinachoka pamalo pake n'kulowa m'kanjira kolakwika, ndipo kukutembenuzani kuja kunali kutibwezera kwawo. N'chifukwa chake chinkabwera pokhapokha mwasuntha mutu, n'kutha msanga. Bambo awa chikuwapeza atangokhala, chikutenga maola, ndipo khutu limodzi lomwelomwelo likudzaza ndi kulira. Kuwatembenuza sikungathandize.

Pa chizungulire, funso loyamba limene ine ndimafunsa ndi la nthawi. Cha masekondi potembenuka ndi chija cha aphunzitsi. Chongoti mdima bii m'maso poimirira msanga, icho ndiye chimayenda ndi kuchepa kwa magazi, kutsika kwa bipi kapena kusowa madzi m'thupi, apo Che Kabaza sanalakwe, koma pamenepo dziko silizungulira. Chobwera kamodzi n'kukhala masiku angapo osasiya chimakhala kutupa kwa mtsempha wa m'khutu. Tsono chimene chimabwera, kukhala pakati pa mphindi 20 ndi maola 12, kupita, kenako n'kudzabweranso, uku khutu limodzi likudzaza, kulira ndi kumva mochepa, chimatipangitsa kuganizira matenda a Ménière. Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Prosper Ménière, amene mu 1861 anafotokoza kuti chizungulire chotere chimachokera m'khutu. Nthawi imeneyo anthu ankati ndi vuto la mu ubongo.

Sindinganene motsimikiza ndili pa foni, munthu sindinamuone. Koma zimene mwalembazi zikuloza kumeneko.

Make Asiyatu (Malindi): Adokotala, ndiye kuti m'khutumo munalowa madzi a m'nyanja? Chifukwa iwo amamira kawirikawiri ukonde ukakodwa.

Mnyamata wa Kudoko: Eya ndi madzi amenewo. Ine langa linkatuluka mafinya, ndinathira mafuta ophikira otentha pang'ono, linapola.

Kiliniko Ofesa: Achimwene, chonde musawauze zimenezo. Khutu lotuluka mafinya ndi nkhani ina, ndipo nalonso safuna kuthiramo mafuta. Mayi, madzi amene tikunenawa si a m'nyanja. Madzi a m'nyanja amathera pa nembanemba ya khutu, sapitirira. Kuseri kwake, m'kati mwa fupa la mutu, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono kamene timamvera, ndipo pambali pake pali timachubu titatu tokhota timene timauza ubongo ngati mutu watembenuka. Zonsezi zili ndi timadzi take timene thupi limapanga lokha n'kumachotsa lokha. Pa matendawa timadzito timachuluka, kathumba kake n'kufufuma. Kudzaza kumene bambo akumva n'kumeneko. Zikafika poipa, khutu lodwalalo limatumiza uthenga woti mutu ukuzungulira pamene linzake likuti uli phee. Ubongo ukalandira mauthenga awiri otsutsanawo, munthu amaona dziko likuzungulira, n'kuyamba kusanza monga amachitira mlendo m'boti nthawi ya mwera. Palibe chimene mungathire kapena kutokosa kuchokera kunja chimene chingafike kumeneko.

Ndikufunseniko zingapo. Kulirako kumamveka bwanji? Akumva bwino mbali imeneyo? Anamwapo kwinini kapena kubayidwa majekiseni a masiku ambiri chaka chino? Amadwala mutu waching'alang'ala?

Make Asiyatu (Malindi): Ndawafunsa. Akuti sikulira kwa nyenje ayi, ndi kwa pansipansi ngati injini ya boti ili kutali usiku. Za kumva, ndinazindikira ndine. Foni kale ankaikira kumanzere, pano asamutsira kumanja, ndipo ndikawayankhula ndili mbali imeneyo amati ndibwereze. Koma masiku ena amamva bwinobwino, mpaka ndinkaganiza kuti akuchita dala. Majekiseni ayi. Kwinini ayi. Mutu sawadwala.

Kiliniko Ofesa: Sakuchita dala mayi. Kumva kobwera n'kumapita ndi khalidwe lake la matendawa akamayamba, ndipo amayamba kudya mawu a pansi, okhuthala, ngati a bambo kapena a ng'oma. Ndinafunsa za mankhwala chifukwa kwinini, asipirini wambiri ndi majekiseni ena monga jentamaisini amachititsa makutu kulira, koma amalira onse awiri. Ndinafunsa za mutu chifukwa ching'alang'ala nachonso chimabweretsa chizungulire cha maola, ndipo chimasokonezedwa kwambiri ndi matendawa.

Yesani ichi pompano. Atseke pakamwa ang'ung'udze kuti mmmm, anene mbali imene akumva kwambiri. Ngati khutu latsekeka ndi phula kapena vuto lili pafupi ndi nembanemba, mawuwo amamveka kwambiri m'khutu lotsekekalo. Ngati vuto lili m'kati mwenimweni, amathawira ku khutu labwino.

Make Asiyatu (Malindi): Akuti akumva kumanja, kwabwinoko.

Nesi Wopuma (Monkey Bay): Zikugwirizana ndi zimene adokotala akunena. Ine ndiwonjezere za pa nthawi imene chawagwira, poti ndi inu mumakhala nawo. Agonekeni pansi pamkeka, osati pabedi lalitali, chammbali kuti akasanza asatsamwe. Mutu usamasunthesunthe. Ena zimawathandiza kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi chosayenda, ena amafuna kutsinzina, asankhe okha. Musawakakamize phala. Kusanza kukachepa muziwapatsa madzi pang'onopang'ono. Ndipo tengani foni muwajambule maso pafupi, mudzaona akugwedezeka okha kupita mbali imodzi. Kanemayo ndi wofunika, chifukwa pofika kuchipatala chimakhala chatha ndipo woyeza amapeza munthu wabwinobwino. N'chifukwa chake mukubwerako ndi panado.

Koma mwana wanga mvetsetsa apa. Tsiku limene chizungulire chidzabwere pamodzi ndi kupindika kamwa, lilime kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanja kapena mwendo kufooka, kapena mutu woopsa umene sanaumvepo, usadzati ndi zomwe zija. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, pezani galimoto nthawi yomweyo. Chimodzimodzi khutu likadzangogontheratu mwadzidzidzi, osadikira sabata.

Che Kabaza: Ndiye mankhwala ake ndi chiyani? Mlongo wanga amamwa timapiritsi ta chizungulire tsiku lililonse, amagula ku famase. Sangamwe omwewo?

Kiliniko Ofesa: Pali mankhwala a mitundu iwiri ndipo anthu amawasakaniza. Oyamba ndi oziziritsa chizungulire ndi nseru chikagwira, monga purometazini kapena sinarizini. Amenewa ndi a tsiku limenelo, mwina ndi lotsatira, basi. Ukamamwa tsiku ndi tsiku amagonetsa, komanso amalepheretsa ubongo kuzolowera, munthu amangokhala dzandidzandi osatha. Mlongo wanuyo akaonedwe bwino. Achiwiri ndi oyesa kuchepetsa kubwerabwera kwake. Pamenepa madokotala amakonda kupereka betahisitini, poyambira mamiligalamu 16 katatu pa tsiku, kapena mapiritsi okodzetsa aja timaperekanso pa bipi. Ndinene chilungamo: betahisitini si wodalirika kwa aliyense. Kafukufuku wamkulu wa ku Germany amene anatuluka mu 2016 sanapeze kusiyana pakati pa omwa mankhwalawa ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala. Alipo odwala amene amati anawathandiza, ndipo savuta m'thupi, n'chifukwa chake timayesabe miyezi ingapo n'kuona. Okodzetsawo musagule nokha. Ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, munthu wa bipi yabwinobwino akhoza kuuma m'thupi n'kugwa ndi chizungulire china.

Zonsezi zikakanika, akatswiri a makutu amabaya mankhwala kudzera pa nembanemba kuti akafike m'kati. Amayamba ndi ochepetsa kutupa. Jentamaisini amamusunga kumapeto, chifukwa amathetsa chizungulire pofooketsa mbali yodwalayo, ndipo akhoza kutengako kumva kumene kwatsala.

Make Asiyatu (Malindi): Nanga ife kunyumba tingachitepo chiyani? Ndamva ena akuti mchere.

Nesi Wopuma (Monkey Bay): Mchere ndiye poyambira. Paketi ya magalamu 500 imakutherani masiku angati, ndipo mumadya anthu angati?

Make Asiyatu (Malindi): Tilipo 6 ndi ana. Imatha masiku 10, nthawi zina osakwana.

Nesi Wopuma (Monkey Bay): Tiwerengere limodzi. Magalamu 500 pa masiku 10 ndi magalamu 50 pa tsiku. Kugawa kwa anthu 6, aliyense akudya opitirira 8, ndipo bambo amadya ndiwo zambiri kuposa ana, ndiye awo ndi oposa pamenepo. Mlingo umene a zaumoyo amalangiza munthu wamkulu ndi wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, supuni ya tiyi imodzi yosasefukira, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Tsono pamwamba pa wa m'paketiwo onjezani umene simuuwerenga: soda wa m'therere, timakyubu tokometsera ndiwo, usipa wofutsa umene anauwiritsa ndi mchere, tchipisi cha pachiwaya chimene amawaza mchere ndi dzanja. Palinso kambale ka mchere ndi tsabola kamene amuna athu amafuna pambali pa nsima. Chotsani kambaleko kaye. M'mawa muziyeza mchere wa tsiku lonse m'kachibekete, ukatha watha. Ndiwo muzikometsera ndi tomato, anyezi, ndimu. Nsomba yaiwisi ilibe vuto, ndipo inu muli nayo pakhomo. Masabata awiri oyamba adzadandaula kuti ndiwo sizikukoma, kenako lilime limazolowera.

Aphunzitsi a ku Namwera: Koma pamenepa ndikutsutsako pang'ono amayi. Munthu wokoka chilimira amatuluka thukuta lambiri, mchere umatayika. Mukamuchotsera sadzafooka? Ndiponso ndinawerengapo kuti za mcherezi umboni wake ndi wochepa.

Kiliniko Ofesa: Aphunzitsi simunaname, umboni wake si wamphamvu. Timalangizabe chifukwa odwala ambiri amati zimawathandiza, sizilira ndalama, ndipo kutsika kuchoka pa 8 kufika pa 5 sikungafooketse munthu. Sitikuti asiyiretu. Chimene ine ndimaona chofunika ndi kusasinthasintha: osati lero chakudya chopanda mchere, mawa kanyenya wa mchere wambiri. Madzinso azimwa mofanana tsiku lonse, osadikira ludzu. Tiyi wambiri wakuda, khofi, fodya ndi kusagona, ena zimawaputira, ena ayi. Njira yodziwira ndi kope. Mayi, gulani kope la ana asukulu, muzilemba tsiku, ola limene chayamba, ola limene chatha, khutu liti, anadya chiyani dzulo lake, anagona maola angati. Pakatha miyezi iwiri kopelo lidzanena zambiri kuposa ife tonse pano.

Che Imamu Wamng'ono: Funso langa ndi la Ramadhani. Ngati akufunika kumwa madzi mofanana tsiku lonse ndi mapiritsi katatu, adzamanga bwanji? Chipembedzo chimalola wodwala kumasula n'kudzabweza masiku ake, koma ndikufuna kudziwa ngati kumanga kumaputa matendawa.

Kiliniko Ofesa: Shehe, apa anthu amasiyana. Kukhala tsiku lonse osamwa madzi kenako n'kudya chakudya chambiri cha mchere pofutulu ndiko kusinthasintha kumene ndimanena kuja, ndiye kukhoza kumuputa wina. Wina amamanga mwezi wonse osaona kanthu. Nthawiyo ikamayandikira akakhale pansi ndi amene akuwapatsa mankhwala, atatenga kope lija, aone ngati chakhala chikubwera pafupipafupi.

Mlamu wa ku Makanjira: Nonse mukukamba za mchere, koma nkhani yaikulu mwaisiya. Munthuyu ndi siginala. Amakhala yekha m'bwato usiku ndi nyali, anzake ali patali ndi ukonde. Chikamugwira pamenepo ndani amugwire? Ine ndinataya mnzanga pamadzi, sindikufuna kumvanso zotere.

Make Asiyatu (Malindi): Alamu, mwakhudza pamene pakundisowetsa tulo. Ndawauza kuti asiye, akuti tidya chiyani. Akuti khutu limawachenjeza likayamba kudzaza, ndiye adzaitana anzawo. Ndipo kusambira amatha kuposa aliyense pa doko pathu.

Kiliniko Ofesa: Auzeni mawu awa monga ndalembera. Kutha kusambira kumadalira kuti thupi lizidziwa kumwamba ndi kuti. Ntchito imeneyo ndi ya m'khutu ndi maso. Chizungulire chikagwira munthu ali m'madzi usiku, khutu likunama, maso sakuona kanthu, katswiri wosambira akhoza kupalasa kulowera pansi akuganiza kuti akukwera. Chenjezo la khutu lija silibwera nthawi zonse. Ndiponso odwala ena, ochepa, amangogwa mwadzidzidzi ngati wina wawakankha, ali maso, popanda chizindikiro chilichonse. Ine langizo langa ndi loti pakali pano, pamene chikubwera pafupifupi mwezi uliwonse, asakhale yekha m'bwato, asamire, asayendetse njinga yamoto, asakwere padenga.

Che Kabaza: Kunena n'kosavuta adokotala, koma siginala ndi amene amalandira gawo lalikulu. Kumtunda kusoka maukonde ndalama yake ndi yochepa.

Mlamu wa ku Makanjira: Akambirane ndi mwini zida, alowe m'boti lalikulu momwe muli anthu ambiri, avale jekete yoyandamitsa. Si bwino kwenikweni koma kusiyana ndi kukhala yekha.

Nesi Wopuma (Monkey Bay): Ine ngakhale boti lalikululo sindikulivomereza mpaka ataonedwa. Koma ndikudziwa kuti poto saphika mawu.

Make Asiyatu (Malindi): Abale, ndabweranso patha masabata atatu. Tinapita kuchipatala cha boma ndi kope ndi kanema wa maso uja, chifukwa chinawagwiranso kamodzi, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 1. Woyeza ataona kanemayo anayang'ana m'makutu, anati ndi oyera, mulibe phula kapena mafinya, n'kutilembera kalata ya ku Gulupu ku Blantyre kwa a makutu. Kumeneko anawalowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, anawaveka zomvera, n'kumawaimbira timawu tosiyanasiyana kuti azikweza dzanja akamva. Pepala linatuluka ndi mizere iwiri, wa kumanja uli pamwamba, wa kumanzere watsika mbali ya mawu a pansi, monga munanenera adokotala. Anatenganso magazi. Atipatsa betahisitini wa miyezi itatu ndi ena oti amwe chikagwira pokha. Akuti tibwerere akayezenso kumva. Funso langa, magaziwo ndi a chiyani poti vuto lili m'khutu? Ndipo kodi khutuli lidzabwerera?

Kiliniko Ofesa: Mwachita bwino kwambiri mayi. Magazi amayeza pofuna kuchotsa matenda ena amene amatha kuvala nkhope yomweyi, limodzi mwa iwo ndi chindoko chokhalitsa, chimene chili ndi mankhwala ake. Musakhumudwe nazo, ndi mwambo wa kayezedwe. Nthawi zina amapemphanso kujambula mutu, kuti atsimikize kuti pa mtsempha wa khutulo palibe chotupa, poti vuto lili mbali imodzi.

Za kubwerera, sindikunamizani. Poyamba kumva kumatsika n'kumabwerera, koma zaka zikamapita nthawi zambiri kumatsika osabwereranso pomwe kunali. Chizungulire ndiye chimakonda kuchepa pakapita zaka, ndipo pakati pake pamatha kudutsa miyezi yambiri chili zii. Kwa ena khutu linalo limadzayambanso, choncho la kumanjalo alisamale: asakhale pafupi ndi zokuzira mawu pa zikondwerero, ndipo kulikonse kumene akalandire jekiseni azinena kuti ali ndi vuto la khutu. Kumva kukadzatsika kwambiri pali timakina tothandiza kumva, a ku Gulupu omwewo adzakuuzani.

Anganga a ku Mpondasi: Nanga kunyanja wabwerera?

Make Asiyatu (Malindi): Ubwato wa nyali aupereka kwa mng'ono wawo, agwirizana kuti azigawana. Iwo akusoka maukonde ndi kuyanika usipa pa thandala limodzi ndi ine. Koma dzulo madzulo ndinawapeza ataima pa doko akuyang'ana anzawo akukankha boti, ndipo anandifunsa kuti pakadutsa miyezi ingati chisanawagwire kuti abwerere. Ndinasowa chowayankha. Adokotala, ilipo nambala yake?

Kiliniko Ofesa: Nambala imodzi yogwira aliyense palibe mayi. Funso limenelo mukalifunse kwa a makutu pa ulendo wa miyezi itatu uja, kope lili m'manja. Pakali pano pitirizani kulemba, ngakhale masiku amene khutu langodzaza popanda chizungulire.